Ku Kariakoo mlendo wake ndi inu

Kwathu kuno timaudziwa mtengo wa azungu. Timaona anyamata ogulitsa ziboliboli akutchula ndalama yoti ife tikaimva timayang'ana kumbali n'kumwetulira. Koma mukangowoloka mlatho wa Songwe n'kulowa ku Kasumulu, zinthu zimatembenuka. Pofika mumzinda wa Dar es Salaam, khungu lanu silikutchinjirizaninso. Mukangotsegula pakamwa, wamalonda wa ku Kariakoo amadziwa kuti uyu ngwakutali, wabwera ndi mpamba wonse m'chikwama, ndipo basi yobwerera ikumudikira.

Kariakoo si msika umodzi ayi. Ndi dera lonse la misewu yodzaza masitolo, monga Congo, Msimbazi, Uhuru ndi Aggrey, ndipo pakati pake pali chinyumba cha msika chomwe chidatsegulidwa mu 1975 n'kupsa ndi moto mu 2021. Ogula amachokera ku Malawi, Zambia, Congo, Burundi ndi maiko ena. Choncho kuno mlendo si chinthu chachilendo, ndipo eni malonda adazolowera kalekale kumupima ndi maso.

Ambiri amaganiza kuti wopambana pamsika ndi amene ali ndi pakamwa ponenerera. Ine ndimakana. Kunenerera kumangokutsitsirani pang'ono kuchokera pamene mwayambira, ndiye ngati mwayambira padenga, mudzatsikira pazenera n'kumadziona ngati katswiri. Ntchito yeniyeni imachitika musanatchule ndalama iliyonse, ndipo yagona pa mafunso atatu: kodi amene mukulankhula nayeyo ndi mwini katundu, kodi mtengo wakuuzaniwo ndi wa chimodzichimodzi kapena wopikulira, ndipo kodi katunduyo ndi yemweyodi amene mukumuyerekeza ndi wa sitolo ina.

Tiyambe ndi munthuyo. M'misewu ya Kariakoo muli anthu otchedwa mawinga, ofanana ndi madobadoba akwathu. Winga alibe sitolo, alibe katundu. Chuma chake ndi kudziwa komwe chinthu chilichonse chimapezeka. Amakulandirani mwansangala, kukufunsani chomwe mukufuna, n'kukutsogolerani kapena kukuimikani pakhonde pomwe iye akuthamangira kukatenga katunduyo. Mtengo womwe akuuzeni uli kale ndi yake pamwamba, ndipo mwini sitolo sangamuulule inu muli pomwepo, chifukwa mawa winga yemweyo adzamubweretsera kasitomala wina. Kumuzindikira n'kosavuta: mukapempha mtundu wina wa nsalu amazimiririka kaye, mukapempha kuti atsitse amayang'ana kwa munthu wina kapena kuimba foni, ndipo nkhani ya lisiti amaizemba. Sikuti mawinga onse ndi akuba. Kwa munthu wofika koyamba, winga wabwino amapulumutsa tsiku lathunthu loyendayenda. Koma ndi bwino kugwirizana naye poyera kuti mumulipira zingati pa ntchito yokuperekezani, kenako mtengo wa katundu muzikambirana nokha ndi mwini sitolo.

Funso lachiwiri lili m'mawu awiri a Chiswahili ofunika kuwasunga pamtima. Rejareja ndi mtengo wa chinthu chimodzi, pomwe jumla ndi mtengo wopikulira. Sitolo imodzi imagulitsa pa mitengo yonse iwiri, ndipo mukangofunsa kuti "Bei gani?", kutanthauza kuti mtengo wake ndi bwanji, amakupatsani wa rejareja. Sadakunamizeni. Inuyo simudanene kuti mukufuna zambiri. Wodziwa amafunsanso kuti jumla imayambira pa zingati, pakuti kwina ndi zitatu, kwina theka la dazeni, kwina dazeni yathunthu.

Tiyerekeze mayi wa ku Lilongwe amene wapita kukaoda zitenje makumi awiri za mayadi 6. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho manambala awa ndi ongofanizira, koma kayendedwe kake n'komweko. Atangotsika, mnyamata wina akumuonetsa nsalu yokongola n'kunena mashilingi 35,000. Mayiyu akuthokoza, akuloweza maluwa a nsaluyo ndi dzina lolembedwa m'mphepete mwake, n'kupitirira. M'sitolo yoyamba nsalu yomweyo akumuuza 28,000. Akuti akufuna makumi awiri, mtengo ukugwera pa 24,000. Sitolo yachiwiri ikuti 25,000, yachitatu 23,500. Apa mayiyu wapeza chomwe amafuna asanawononge ngakhale shilingi imodzi: masitolo atatu osagwirizana aunjikana pakati pa 23,500 ndi 25,000, ndiye mtengo weniweni uli pamenepo. Wa 35,000 uja wadziulula wokha.

Tsopano ndi pomwe kunenerera kumayamba, ndipo mpata wake ndi wochepa. Wopikulitsa amadya pang'ono pa nsalu iliyonse, phindu lake lili pa kuchuluka. Mayiyu akatchula 12,000 poganiza kuti pamsika amayambira pa theka, mwini sitolo angopinda nsalu yake n'kutembenukira kwa wina. Koma akanena kuti "Naomba unipunguzie", uku n'kupempha mwaulemu kuti amuchotsereko, n'kutchula 22,000, zokambirana zimakhala zamoyo, ndipo mwina agwirizana pa 23,000. Zitenje makumi awiri zikukwana 460,000. Akadagula kwa mnyamata uja n'kumunenerera mwamphamvu mpaka 30,000, akadalipira 600,000 n'kupita kwawo akudzitama. Kusiyana kwa 140,000 kumeneku kwabwera ndi miyendo, osati pakamwa.

Nanga akapeza wina akugulitsa pa 15,000? Apa ndiye pofunika kuchenjera koposa, chifukwa mtengo wotsika kwambiri umapweteka kuposa wokwera. Atembenuze nsaluyo. Nsalu ya wakisi imaoneka mofanana kumaso ndi kumbuyo, pomwe yongodindidwa mbali imodzi imakhala yotuwa kumbuyo ngakhale maluwa ake ali omwewo. Aifikise pakona ndi zala, pakuti nsalu yopyapyala amaiumitsa ndi sitachi kuti imveke yolemera, ndipo ikachapidwa kamodzi imasanduka kansanza. Aiyezenso: mayadi 6 ndi pafupifupi mamita asanu ndi theka, ndipo nsalu yoperewera imaonekera kwa telala kunyumba, pamene kubweza kuli kosatheka. Pomaliza, aonetsetse kuti zomwe zikulowa m'thumba ndi zomwe adasankha, osati mtolo womangidwa kale wochokera kuseri.

Pali kanthu kena komwe kamakwiyitsa alendo pachabe. Mayi uja ali chiimire, pakubwera mzimayi wa komweko n'kutenga nsalu yomweyo pa 22,500. Kodi amubera? Ayi. Uyo amabwera sabata iliyonse, nthawi zina amatenga pangongole, ndipo ana ake mwini sitolo amawadziwa maina. Kusiyana kwa 500 ndi mtengo wa chibwenzi, ndipo nayenso mayi wa ku Lilongwe adzaupeza paulendo wachitatu akamabwerera pakhomo lomwelo. Mtengo wa alendo weniweni sumasiyana ndi wa eni dera ndi kachigawo kotere. Umasiyana ndi theka, kapena kuwirikiza kumene.

Ulemu nawo uli ndi mtengo wake. Anthu a kugombe amalemekeza moni kwambiri, ndipo kufika n'kuloza katundu osapereka moni kumakuikani m'gulu la anthu othamanga, omwe salipira mtengo wabwino. Kwa wamkulu mumati "Shikamoo", iye n'kuyankha "Marahaba". Kunyoza katundu kuti atsitse sikugwira ntchito, ndi bwino kudandaula za thumba lanu kusiyana ndi kunyoza nsalu ya mwini. Ndipo mukatchula mtengo, iye n'kuvomera, mwamangika. Kuchoka pamenepo osagula ndi chipongwe, ngati momwe zilili kwathu. Kuchoka n'kololedwa pamene simunagwirizane, ndipo ndiyo sikelo yabwino koposa. Mukafunsa "Bei ya mwisho?", kutanthauza mtengo womaliza, n'kutsazika mwaulemu, mvetserani kumbuyo. Akakuitanani, mpata udalipo. Akakusiyani kuti muzipita, mudafika pansi, ndipo palibe manyazi kubwerera.

Makutu nawo amabetsa. Thelathini ndi 30 pomwe themanini ndi 80, ndipo m'phokoso la msika mawu awiriwa amamveka ngati amodzi. Elfu ndi 1,000, laki ndi 100,000, ndipo achinyamata amati buku ponena 1,000 ndi jero ponena 500. Palibe cholakwika kupempha kuti nambala ilembedwe pa kakyuleta. Poti ndalama yapepala yaikulu kwambiri ndi ya 10,000, ndalama za zitenje zija ndi mapepala 46, ndiye ziwerengereni padera musanafike pakauntala, osati kutulutsa mpukutu wonse pagulu. Wina akakutchulirani mtengo m'madola, dziwani kuti wakuikani kale m'gulu la odzaona malo. Kuyambira mu 2025 malamulo a dzikolo amafuna kuti mitengo ya m'dzikomo izitchulidwa ndi kulipidwa m'mashilingi.

Pa zakudya zapamulu mwambo ndi wofanana ndi wathu. Mulu wa tomato, womwe iwo amati fungu, uli ndi mtengo wodziwika kwa aliyense, ndipo saunenerera kwenikweni. Chomwe mumapempha ndi nyongeza, basera wathu uja. Kuti mudziwe mtengo, imani pambali kamphindi muone ndalama yomwe mayi wogula ndiwo akupereka ndi chenje chomwe akulandira.

Ku Mwenge, kumpoto kwa mzindawu komwe kuli msika wa ziboliboli, nkhani ndi ina. Kumeneko pafupifupi wogula aliyense ndi mlendo, ndiye palibe mayi wa komweko woti mumuonerere. Chiboliboli chilichonse chili ndi maonekedwe akeake, kotero kufananiza masitolo atatu sikupereka yankho lakuthwa ngati pa nsalu. Mtengo woyamba umakhala wongoyesera madzi, ndipo apa ndi pomwe kuyambira pa theka kapena kutsikirapo sikukhala chipongwe. Chothandiza ndi kufananiza zinthu zazing'ono zopangidwa mochuluka, monga njovu zazing'ono ndi masupuni, kuti muone sitolo yomwe imayambira pafupi ndi choonadi, kenako n'kukambirana chachikulu kumeneko.

Ndipo muyang'ane mtengo wosemedwawo. Zosema za Amakonde zotchuka zimapangidwa ndi phingo, womwe iwo amati mpingo. Phingo weniweni ndi wolemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, mtima wake ndi wakuda mpaka mkati, ndipo nthawi zambiri m'mbali mumatsala kachigawo koyererako. Wabodza ndi mtengo wamba wopakidwa polishi ya nsapato. Umapepuka m'manja, umanunkha polishi, ndipo mukatembenuza n'kukanda pang'ono kunsi ndi chikhadabo, mutapempha kaye, kuyera kumatulukira. Mukapeza wosema ali pantchito kuseri kwa sitolo, tchizulo ili m'manja, tchipisi takuda tili mbwee pansi, mufunseni masiku omwe chiboliboli mwachikondacho chidamutengera musanatchule nambala yanu.