Chifukwa chake nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku

Padoko la Beira ku Mozambique, pomwe pamadzera mafuta ndi katundu wina wambiri wobwera ku Malawi, sitima zikuluzikulu sizilowa nthawi ina iliyonse. Zimaima kunja kudikira kuti madzi adzaze. Madziwo akaphwa, m'mbali mwa mtsinje wa Pungwe mumangooneka matope okhaokha, mabwato a asodzi ali khale pansi pouma. Pakatha maola 6 okha, malo omwewo amakhala atamira. Masiku ena kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa ku Beira kumapitirira mamita 6.

Zimenezi zimachitika kawiri pa tsiku, chaka chonse, kaya kukugwa mvula kaya kuli chilala. Chimene chimachititsa ndi mwezi, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400 kuchokera padziko.

Munthu woyamba kulongosola bwino nkhaniyi anali Isaac Newton wa ku England, m'buku lake lomwe linatuluka mu 1687. Iye anasonyeza kuti zinthu zonse zimakokana, ndipo mphamvu yokokayo imachepa zinthuzo zikamatalikirana. Dziko limakoka mwezi, nawonso mwezi umakoka dziko ndi zonse zili pamenepo, miyala ndi madzi omwe. Mpaka apa nkhani ndi yosavuta, ndipo ambiri amathera pomwepa n'kumati mwezi umakokera madzi kumbali yomwe uli. Koma zikanakhala choncho basi, bwenzi nyanja ikudzaza kamodzi kokha pa tsiku, pamene malo ayang'anizana ndi mwezi. Nanga kudzaza kwachiwiri kumachokera kuti?

Yankho lagona pa kukula kwa dziko. Kuchoka mbali imodzi kudutsa pakati mpaka mbali inayo pali makilomita pafupifupi 12,700, choncho mwezi sukoka dziko lonse mofanana. Madzi a mbali yoyandikana ndi mwezi amakokedwa kwambiri. Pakati pa dziko pamakokedwa mocheperako. Madzi a kuseri, kutali ndi mwezi, ndiwo amakokedwa pang'ono kuposa onse. Kusiyanako n'kochepa, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse pakati pa mbali ziwirizo, koma n'kokwanira.

Zili ngati anthu atatu omwe akupita kumsika atatsogozana, woyamba akuyenda mofulumira, wapakati akuyenda bwinobwino, womaliza akuzengereza. Onse akulowera kumodzi, koma wapakati akayang'ana kutsogolo aona mnzake akumusiya, akacheuka aona winayo akutsalira. Mpata ukukula mbali zonse ziwiri. Ndi mmenenso zimakhalira ndi dziko: madzi oyandikana ndi mwezi amatsogola n'kutundumuka, ndipo a kuseri amatsalira n'kutundumukanso. Malo otundumuka ndi awiri, ndipo pakati pawo madzi amatsika. Poti dziko limazungulira kamodzi pa tsiku, gombe lililonse limadutsa pa malo awiri okwera ndi awiri otsika.

Tisaganize kuti mwezi umanyamula madzi kupita nawo m'mwamba. Mphamvu yosiyanayo ndi yaing'ono zedi poyerekeza ndi mphamvu ya dziko yomwe imagwira madzi pansi. Chomwe imachita n'kukankhira madzi cham'mbali pang'onopang'ono, pa mtunda wa makilomita zikwizikwi, mpaka aunjikane. N'chifukwa chake pamafunika nyanja yaikulu kwambiri. Nyanja ya Malawi, ngakhale ndi yaitali komanso yakuya, ndi yaing'ono pa nkhani imeneyi, moti msodzi wa ku Nkhotakota sangaone kusintha kulikonse kobwera ndi mwezi. Madzi a kumeneko amakwera ndi mvula ndi mitsinje, amatsika m'chilimwe, ndipo mafunde ake amautsidwa ndi mphepo monga mwera.

Wokhala kugombe la nyanja yamchere amadziwanso kuti nthawi yodzaza imasuntha tsiku ndi tsiku. Tinene kuti lero madzi adzaza 6 koloko m'mawa. Adzaphwa itangopitirira 12 koloko masana, n'kudzazanso cha m'ma 6:25 madzulo. Pakati pa usiku adzaphwanso, ndipo mawa adzadzaza cha m'ma 6:50 m'mawa. Mphindi 50 zowonjezerazo zimabwera chifukwa mwezi suima. Pamene dziko likumaliza kuzungulira, mwezi umakhala utasunthira patsogolo pa ulendo wake, ndiye dziko limayenera kuzungulirako pang'ono kuti liupeze. Ndi chifukwa chomwechonso mwezi umatuluka mochedwerako usiku uliwonse.

Dzuwa nalo lili ndi mbali yake. Limakoka dziko mwamphamvu kuposa mwezi kutalitali, koma lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kotero mbali ziwiri za dziko limazikoka pafupifupi mofanana. Paja chofunika ndi kusiyana. Pa chifukwa chimenechi, mphamvu ya dzuwa yokweza nyanja siikwana theka la mphamvu ya mwezi. Komabe mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala kumdima, dzuwa, dziko ndi mwezi zimakhala pamzere umodzi ndipo zimathandizana. Masiku amenewo madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Patapita sabata imodzi, mwezi ukamaoneka theka, dzuwa limakokera kwina mwezi kwina, ndipo nyanja imangokwera ndi kutsika pang'ono. Ku Beira kusiyana kwa madzi pa masiku otere sikufika ndi theka lomwe la masiku amphamvu aja.

Kusiyana kumeneku kungapulumutse kapena kumiza mzinda. Namondwe Idai anafika pamtunda pafupi ndi Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, n'kuwononga mzindawo koopsa. Tsiku limenelo mwezi unali theka, nyanja ili pa masiku ake ofooka. Mphepo inakankhira madzi kumtunda, koma inayambira pa nyanja yotsikirapo. Namondweyo akanachedwa ndi sabata imodzi, n'kufika mwezi uli wathunthu komanso pa ola loti madzi adzaza, madzi a m'nyanja akanalowa kwambiri mumzinda womwe mbali zake zambiri n'zotsika kale.

Chithunzi cha malo awiri otundumuka chimafotokoza bwino chifukwa chake kudzaza kumachitika kawiri, koma sichifotokoza kukula kwake. Pakanakhala kuti dziko lonse ndi madzi akuya okhaokha, mwezi sukanakweza nyanja ndi mita imodzi yomwe. Koma pali makontinenti omwe amatchinga madzi, pali malo akuya ndi osaya, ndipo nyanja iliyonse madzi ake amayenda uku ndi uku mwa njira yakeyake. Beira ili pafupi ndi dera lalikulu la madzi osaya lotchedwa Sofala, pomwe madzi ochokera kwakuya amapanikizika n'kukwera kwambiri. Ku Bay of Fundy ku Canada kusiyanako kumafika mamita 16, pamene m'madera ambiri a nyanja ya Mediterranean sikukwana theka la mita. Kumpoto kwa Vietnam ndi m'madera ena a Gulf of Mexico nyanja imadzaza kamodzi kokha pa tsiku.

Pa chifukwa ichi doko lililonse limakhala ndi ndandanda yakeyake ya nthawi ndi msinkhu wa madzi, yowerengetsedwa kuchokera ku kayendedwe ka mwezi ndi dzuwa pamodzi ndi miyezo yomwe yakhala ikutengedwa pamalopo kwa zaka zambiri. Ndandandayo imatha kulembedwa chaka chisanayambe, ndipo siiphonya kawirikawiri. Chomwe singalosere ndi mphepo yamkuntho kapena mtsinje wosefukira, zomwe zimatha kuwonjezera madzi pamwamba pa msinkhu wolembedwawo. Woyendetsa sitima yolowa ku Beira amayenera kuyang'ana ndandanda ya madzi ndi lipoti la zanyengo pamodzi.