Chifukwa chake kuzungulira ziro kumabala 2πi

Pa masamu a manambala a kompuleksi, nambala iliyonse z ndi malo papepala. Manambala wamba amayalidwa chopingasa, pomwe a i amayalidwa chokwera. Nambala i ndi ija imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe umapeza −1. Intigiralo ya 1/z ndi kuwonkhetsa chabe: umayenda m'njira, kaphazi kalikonse dz umakagawa ndi z wa pamene waimapo, kenaka n'kuphatikiza zonse.

Tiyeni tiyende pa mkombero wotalikira 1 kuchokera pa ziro, mosemphana ndi mivi ya wotchi, kaphazi kalikonse kakhale kotalika dθ. Pa z = 1 tikulowera m'mwamba, ndiye kaphaziko ndi i dθ; kugawa ndi 1 sikusintha kanthu. Pa z = i tikulowera kumanzere, kaphazi ndi −dθ, koma −1 kugawa ndi i ndi i. Tapezanso i dθ. Pa z = −1 tikutsika, kaphazi ndi −i dθ, ndipo kugawa ndi −1 kukubwezanso i dθ. Mapazi enieniwo amafafanizana, poti tabwerera pomwe tinayambira. Koma akagawidwa ndi z, onse amaloza kumodzi. Mkombero wonse ndi 2π, pafupifupi 6.28, choncho yankho ndi 2πi.

Tanthauzo lake limaoneka bwino tikaganiza za mbuzi yomangidwa pachikhomo, chikhomocho kukhala ziro. Ngati r ndi utali wa chingwe ndipo θ ndi kumene chaloza, dz/z = dr/r + i dθ. Gawo loyamba limawerenga kutalika ndi kufupika kwa chingwe, ndipo mbuzi ikabwerera pamalo pake gawoli limathera pa ziro. Lachiwiri limawerenga mmene chingwe chatembenukira, ndipo ichi sichifafanizika. N'chifukwa chake njira ikhale yaikulu, yaing'ono kapena yokhotakhota, yankho silisintha. Kuzungulira kawiri ndi 4πi, kutsata mivi ya wotchi ndi −2πi, ndipo njira yosazinga chikhomo imapereka 0.

Ophunzira ambiri amapunthwa apa. Amati intigiralo ya 1/z ndi log z, poyambira ndi pothera m'pamodzi, ndiye yankho ndi 0. Njira imeneyi imagwiradi pa 1/z², chifukwa −1/z imabwerera pa mtengo wake ulendo ukatha. Koma log z = ln r + iθ, ndipo θ imayamba pa 0 n'kuthera pa 2π. Musanagwiritse log z, yambani mwaona ngati ziro ali m'kati mwa njirayo.

Kwa ine chokoma kwambiri n'chakuti pa zⁿ zonse, n atakhala nambala yathunthu, ndi n = −1 yekha amene amasiya kanthu. Apa m'pamene Augustin-Louis Cauchy wa ku Falansa anamangapo njira yake ya zotsalira m'zaka za m'ma 1820. Mukapatsidwa 5/z³ + 3/z + z, musavutike ndi zina zonsezo: tengani 3, chulukitsani ndi 2πi, mwapeza 6πi.