Womasulira akasenza uthenga wowawa

Tiyerekeze nkhani iyi. Pachipatala china cha boma, dokotala wochokera kunja wabwera ndi zotsatira za agogo aamuna a zaka 74. Kwa miyezi ingapo nsima yakhala ikuwakanika kumeza. Tsopano ndi phala lomwe likuvuta. Powaunika ndi kachubu ka kamera, apeza khansa ya kummero, imodzi mwa khansa zofala m'Malawi, ndipo yafalikira moti opaleshoni singathandize. Dokotala sadziwa Chichewa, agogo sadziwa Chingerezi. Pakati pawo pali mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito yomasulira.

Asanalowe m'chipinda, mwana wa agogowo, amene akuwadikirira, akumukokera pambali mtsikanayo. “Achemwali, chonde musawauze zoona. Mtima wawo ndi wofooka, angatisiye lero lomwe. Mungoti ndi zilonda za pakhosi.”

Apa pagona vuto. Kwathu mwana salankhula za imfa pamaso pa mkulu, ndipo nkhani zolemera zimadzera kwa eni mbumba. Koma ntchito ya womasulira ndi kupereka zonse zimene zanenedwa, osawonjezera, osachotsa. Matendawo ndi a agogo, ndipo ufulu wodziwa kapena wokana kudziwa ndi wawo.

Mtsikanayo sakumuyankha mokalipa mwanayo, komanso sakulonjeza. Akumuuza kuti pempholi alifikitsa kwa dokotala, chifukwa si iye woyenera kugamula. Kenaka akumufotokozera dokotala zimene banja likuopa, n'kupempha kuti ayambe ndi kufunsa agogo mafunso awiri: akudziwa chiyani kale za matenda awo, ndipo akufuna auzidwe iwo eni kapena kudzera mwa ana awo? Akanati “auzeni anawa”, dokotala akanalemekeza zimenezo. Koma agogo akuyang'ana manja awo owonda n'kunena kuti, “Mwanawe, thupi ndi langa, ndikulimva. Awuze adokotala anene.”

Tsopano luso likuoneka pa kanenedwe. Mtsikanayo akukhala pampando cham'mbali, kuti agogo ndi dokotala aziyang'anana. Akupempha dokotala alankhule ziganizo ziwiri kapena zitatu n'kupuma. Akuyamba ndi chenjezo limene dokotala wapereka: “Agogo, zotsatira zija zabwera, koma sizili bwino.” Akudikira. Kenaka: “Adokotala akuti m'njira yodutsa chakudya muli chotupa, ndipo chotupacho ndi khansa. Yafalikira, moti sangathe kuichotsa kapena kuichiza.” Ulemu uli m'mawu ofatsa ndi m'kudikira, koma mfundo ya dokotala yafika yonse. Agogo atakhala chete, iye sakuthamangira kunena kuti muchira, chifukwa dokotala sananene zimenezo.

Akanabisa, chikanachitika n'chiyani? Munthu wouzidwa kuti ali ndi zilonda chabe amagulitsa mbuzi ndi chimanga kufunafuna mankhwala, lero kuchipatala cholipira, mawa kwa sing'anga. Nthawi yoti aitane ana, anene za munda ndi kukhululukirana ndi abale imathera m'maulendo. Chinanso, sangavomere mozindikira chithandizo chimene chilipodi: mofini wa madzi wochepetsa ululu, zakudya zofewa, ndipo kumene kuli kotheka, kachubu koika kummero kuti chakudya chizidutsa. Chisamaliro chotere chimaperekedwa m'malo ngati Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti uthenga wapotoka panjira. Dokotala akalankhula nthawi yaitali koma womasulira n'kungonena mawu atatu, china chatsala. Womasulira ndi achibale akamakambirana okhaokha, dokotala ndi wodwala atangokhala, zinthu zasokonekera. Wodwala akamatuluka akufunsa tsiku la opaleshoni, sanamve. N'chifukwa chake pomaliza mtsikana uja akupempha dokotala afunse agogo kuti abwereze m'mawu awoawo zimene amva. Agogo akuti, “Matendawa sachoka, koma ululu muuchepetsa. Ndikufuna ndikakhale kumudzi.” Dokotala akulemba m'kabuku kawo ka kuchipatala dongosolo lotengera mankhwala kufupi ndi kwawo.

M'zipatala zathu zambiri mulibe munthu wolembedwa ntchito yomasulira yokha. Amagwira ntchitoyi ndi anamwino, ophunzira za udokotala kapena wachibale amene wapezeka pafupi, kaya wodwala amalankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Wachibale ndiye amavutika koposa, chifukwa akumasulira uthenga umene ukumulasa iye yemwe.

Choncho mukaperekeza kholo lanu kokamva zotsatira, musasiyire mdzukulu wamng'ono kumasulira. Pemphani wogwira ntchito pachipatalapo, nenani nkhawa zanu kwa dokotala poyera, ndipo lolani wodwalayo asankhe yekha kuchuluka kwa zimene akufuna kumva.