Kope, foni kapena kujambula mawu: manotsi a ku yunivesite asungidwe bwanji?

Mphunzitsi wa ku yunivesite sadikira munthu. Ku sekondale ambiri tinazolowera aphunzitsi olemba manotsi pa bolodi, ife n'kumakopera mpaka belu litalira. Ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu zinthu sizili choncho. Mphunzitsi amayankhula kwa ola limodzi kapena awiri, m'Chingerezi, ndipo akatuluka watuluka. Munthu woyankhula bwinobwino amatulutsa mawu oposa 120 pa mphindi, pamene dzanja lolemba ndi bolopeni silipitirira kwenikweni mawu 30. Choncho palibe amene angalembe zonse. Funso ndi lakuti pa zambirizo musunge ziti, ndipo muzisunge pati.

Tiyerekeze kuti ndi phunziro la zachuma la chaka choyamba. Mphunzitsi akufotokoza mmene ogula amasinthira mtengo ukakwera. Walemba pa bolodi kuti sopo wakwera kuchoka pa K1,000 kufika pa K1,200, ndipo wogulitsa amene ankagulitsa sopo 100 pa tsiku tsopano akugulitsa 70. Mtengo wakwera ndi 20 peresenti, ogula atsika ndi 30 peresenti. Wagawa 30 ndi 20, wapeza 1.5, ndipo wajambula mzere wotsetsereka n'kuloza malo awiri pamzerepo. Kenako wanena, osalemba, kuti yankho likaposa 1 ndiye kuti wogulitsa waluza pokweza mtengo: kale ankapeza K100,000, tsopano akupeza K84,000.

Wophunzira wa kope wajambula mzerewo m'masekondi ochepa, walemba manambala, waika muvi woloza pa 1.5. Kope limalola zimenezi mosavuta, ndipo silifuna batire kapena bandulo. Koma pamene iye anali kujambula, chiganizo chomaliza chija chamudutsa. Ndiye vuto la kope limenelo: chimene chakudutsani chapita, ndipo kope likasowa kapena kunyowa ndi mvula mulibe lina.

Wa laputopu, amene akutaipa mu OneNote kapena Google Keep, wagwira chiganizo chilichonse, ngakhale nthabwala. Koma mzere uja wamuvuta. Kujambula chithunzi kapena kulemba masamu pa kiyibodi kumachedwetsa, ndipo pa foni ya m'manja, potaipa ndi zala ziwiri uku mauthenga a WhatsApp akulowa, n'kovuta kuposa apo. Amene ali ndi tabuleti yolembapo ndi cholembera chake alibe vutoli, koma mtengo wake si wa wophunzira aliyense.

Pali nkhani ina yokhudza kutaipa imene anthu amakonda kuitchula. Mu 2014 akatswiri awiri a ku America, Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti ophunzira otaipa ankalemba mawu ambiri, koma ankangotengera mmene woyankhula wanenera, liwu ndi liwu. Pa mafunso ofuna kumvetsa, olemba pamanja anakhoza bwino. Ofufuza ena atabwereza kafukufukuyu, mu 2019 ndi 2021, sanapeze kusiyana koonekeratu pa kakhozedwe ka mayeso, koma anapezabe kuti otaipa amakopera kwambiri. Ine ndimaona kuti phunziro lake ndi ili: pepala lilibe mankhwala. Kungoti dzanja limachedwa, ndiye limakukakamizani kumvetsera, kusankha ndi kufupikitsa m'mawu anuanu. Wotaipa amene amachita zomwezo sataya kanthu.

Tsopano tifike kwa wachitatu, amene waika foni pa desiki, watsegula chojambulira mawu n'kupinda manja. Uyu ndiye amaoneka wochenjera, ndipo ndiye amene ali pa ngozi yaikulu. Madzulo akatsegula fayilo yake amva mphunzitsi akunena kuti "mukatenga iyi n'kugawa ndi iyi, mupeza iyi apa". Iyi iti? Foni inamva mawu, koma sinaone chala. M'maphunziro a masamu, sayansi, zaumisiri ndi zachuma, gawo lalikulu la phunziro limakhala pa bolodi.

Kamvekedwe nakonso kamadalira pamene mwakhala. Mawu amachepa mphamvu msanga mukamatalikira woyankhula, ndipo maikolofoni ya foni imakonda chimene chili pafupi. Mukakhala kumbuyo kwa holo yaikulu mudzajambula chifuwa cha mnzanu, kukhwekhwereza kwa mipando ndi mawu a mphunzitsi omveka ngati ali m'chitsime. Mizere iwiri kapena itatu yakutsogolo ndiyo yothandiza. Yesani kujambula mphindi imodzi phunziro lisanayambe, mumvetsere, musanadalire foniyo maola awiri.

Malo osungira si vuto lalikulu: pa mlingo wa 64 kbps, womwe ndi wokwanira mawu a munthu, ola limodzi limadya pafupifupi 29 MB. Chimene chimadyedwa kwambiri ndi nthawi. Ngati muli ndi makosi asanu a maola atatu pa sabata, mwajambula maola 15, ndipo kuwamvetsera kukufuna maola 15 enanso. Mukafulumizitsa liwiro kufika pa 1.5x atsala maola 10. Ndani ali nawo maola amenewo, pamodzi ndi ma asayimenti? Chimene chimachitika n'chakuti mafayilo amaunjikana, onse ali ndi mayina ofanana, mpaka sabata ya mayeso, ndipo sabata imeneyo munthu sangamvetsere semesita yonse.

Chojambulira chimakhala chaphindu chikamagwira ntchito limodzi ndi kope. Yambitsani kujambula, ikani foni pamene mukuona nthawi yake, ndipo lembani ngati kuti foniyo palibe. Mfundo ikakudutsani, musasiye kumvetsera kuti muithamangitse. Yang'anani nthawi, lembani m'mphepete mwa tsamba, tinene 0:47, siyani mizere itatu, pitirizani. Wophunzira wa kope uja akanatero, madzulo akanapita pa 0:46, kumvetsera mphindi ziwiri n'kulemba za K84,000 zija pa malo ake. Zizindikiro zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa phunziro zimatenga kotala la ola, osati maola awiri. Mapulogalamu ena monga Notability, Samsung Notes ndi OneNote ya pa kompyuta amachita okha zimenezi, polumikiza mawu ojambulidwa ndi mzere umene munkalemba nthawi imeneyo.

Malo a m'mphepetewo ali ndi ntchito inanso. Njira ya Cornell, imene anayambitsa Walter Pauk wa ku yunivesite ya Cornell m'zaka za m'ma 1950, imati mujambule mzere wotsika kumanzere kwa tsamba, ndipo phunziro likatha mulembemo mafunso. Pa chitsanzo chathu funso lingakhale lakuti, "Yankho likaposa 1, ndalama za wogulitsa zimatani?" Powerenga mumaphimba manotsi n'kuyankha pamtima.

Nanga pulogalamu ya pa foni? Ntchito yake yeniyeni imayamba phunziro likatha. Jambulani zithunzi za masamba a tsikulo, ikani mu foda ya kosiyo pamodzi ndi zithunzi za bolodi ndi mafayilo amene mphunzitsi watumiza, ndipo lembani deti ndi mutu. Mukafika pa Wi-Fi onetsetsani kuti zakweradi pa intaneti, chifukwa zimene zili m'foni mokha zimapita limodzi ndi foniyo ikabedwa.

Chinthu chimodzi musachiphonye: mawu ndi a mwini wake. Aphunzitsi ena salola kujambulidwa, ndipo m'maphunziro a zaumoyo kapena a zamalamulo mumakambidwa nkhani za anthu zosayenera kutuluka m'kalasi. Ophunzira osaona bwino kapena ovutika kulemba ali ndi chifukwa chomveka chopemphera chilolezo. Wina aliyense apemphenso pa tsiku loyamba la kosi, ndipo akaloledwa asatumize fayiloyo pa gulu la kalasi.