Chifukwa chimene wotchipa amagwera pa tenda

Tinene kuti khonsolo ikufuna womanga zipinda zophunzirira. Komiti younika matenda imayamba yaona zikalata: wopanda chiphaso cha msonkho cha MRA kapena amene sanalembetse ku PPDA amagwera pomwepo, mtengo wake ungatsike bwanji.

Otsalawo amapatsidwa malikisi pa luso, zipangizo ndi ntchito zomwe anagwirapo kale. Ngati malire ndi 70, wopeza 65 watuluka. Ntchito imapita kwa wotchipa mwa amene adutsa.

Mlembi amalemba zonsezi m'maminitsi, malikisi alionse ndi chifukwa chake, mamembala onse n'kusaina. Apa mpamene katangale amabisala: malikisi opanda chifukwa ngokayikitsa. Komitiyi imangopereka dzina, koma yovomereza ndi ina. Ngati mwagwa, lemberani khonsoloyo kalata yofunsa zifukwa.