Chibayo mu wodi: zimene namwino amalemba, kuchita ndi kuunikanso

Tiyerekeze kuti bambo wa zaka 52, mlimi wa chimanga, wafika pa chipatala cha boma atatsamira paphewa la mkazi wake. Watha masiku anayi akutsokomola makhololo a mtundu wa dzimbiri, thupi lili moto, ndipo akapuma m'nthiti za kumanja mumabaya. Dokotala wanena kuti ndi chibayo, walemba mankhwala, wapita kukaona ena. Wotsala pabedi usana ndi usiku ndi namwino, ndipo iye sagwira ntchito mwachisawawa. Amatsata ndondomeko ya chisamaliro yolembedwa, yoyambira pa kuunika wodwala ndi kuthera pa kuona ngati zochitazo zathandiza.

Chibayo ndi matenda a m'mapapo. Timatumba tating'ono tomwe timalandira mpweya timadzaza madzi ndi mafinya, motero magazi amadutsamo osatenga okosijeni wokwanira. N'chifukwa chake namwino wodziwa ntchito amayamba ndi kupuma, zina pambuyo. Amayang'ana chifuwa n'kuwerenga mphindi yathunthu, osati kuwerenga pang'ono n'kuchulukitsa. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Bamboyu akupuma ka 32. Kachipangizo kopanira kuchala kakuonetsa SpO2 ya 86, pomwe munthu wathanzi amakhala pa 95 kapena kuposa. Thupi latentha madigiri 39.2, mtima ukugunda ka 118.

Manambala okha sakwana. Namwino amawafunsa bambowo dzina lawo ndi kumene ali, chifukwa kusokonezeka mutu ndi chizindikiro chakuti matenda akula, makamaka kwa okalamba omwe nthawi zina satentha n'komwe thupi. Amafunsanso ngati akhala akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, ngati amasuta, ndiponso ngati anayezetsa HIV. Kuno kwathu mafunso amenewa sadumphidwa, pakuti chifuwa chachikulu chimatha kubisala kumbuyo kwa chibayo. Makhololo amapita ku labu kukayezedwa pa makina a GeneXpert, magazi n'kuyezedwa malungo.

Kenaka namwino amalemba mavuto, ndipo apa m'pamene ntchito yake imasiyana ndi ya dokotala. Dokotala watchula matenda; namwino amatchula zimene matendawo akuchita kwa munthu ameneyu, kuyambira chomwe chingamuphe msanga. Choyamba, mpweya sukulowa mokwanira m'magazi. Chachiwiri, makhololo akukanika kutuluka chifukwa bambowo akuopa kutsokomola ndi ululu. Kutentha thupi ndi kuchepa kwa madzi zimabwera pambuyo pake.

Vuto lililonse limapatsidwa cholinga chokhala ndi nambala ndi nthawi. Kulemba kuti wodwala apeze bwino n'kosathandiza, chifukwa namwino wolowa usiku sangadziwe ngati zatheka. Koma akalemba kuti SpO2 ipitirire 90 pasanathe ola limodzi, ndipo kupuma kutsike pansi pa 24 pofika maola 48, aliyense wotsegula fayilo amadziwa chimene akuyang'ana.

Zochita zimayamba ndi chinthu chosalira ndalama: kuwadzutsa bambowo kuti akhale motsamira, mutu wa bedi utakwera madigiri 30 mpaka 45, kuti mapapo apeze malo ofutukukira. Okosijeni amalowa kudzera m'timachubu ta m'mphuno, kuyambira malita awiri pa mphindi, ndipo amakwezedwa pang'onopang'ono mpaka asanu ngati nambala ikukana kukwera. Kupitirira apo pamafunika masiki. Makina ambiri opangira okosijeni m'mawodi amayendera magetsi, choncho namwino wochenjera amadziwiratu pamene pali silinda magetsi asanazime. Bambowo akafuna kugona cham'mbali, amagonera kumanzere, papo labwinolo likhale pansi, chifukwa magazi ochuluka amatsikira kumeneko ndipo amakapeza mpweya.

Mankhwala opha tizilombo, kaya ndi penisilini kapena sefitirayakizoni wa pamtsempha monga walembera dokotala, sadikira m'mawa. Dozi yoyamba imaperekedwa msanga, zotsatirazo pa maola ake enieni, namwino atafunsa kaye ngati penisilini anawatulutsapo zidzolo kapena kuwatupitsa. Panado amagwira ntchito ziwiri: kutsitsa kutentha ndi kuchepetsa kubaya kuja, galamu imodzi pa maola asanu ndi limodzi, osapitirira magalamu anayi pa tsiku. Ululu ukangotsika ndiyo nthawi yabwino yotsokomoletsa. Bambowo amakumbatira pilo pa nthiti zowawazo, kukoka mpweya kwambiri kangapo, kenaka kutsokomola mwamphamvu. Madzi akumwa, malita awiri kapena atatu pa tsiku ngati mtima ndi impso zili bwino, amafewetsa makhololo.

Pali munthu mmodzi amene ndondomeko zolembedwa m'mabuku zimamuiwala, koma m'zipatala zathu ndiye maso achiwiri a namwino: gadiyani. Wodi ikadzaza, namwino mmodzi sangaime pa bedi lililonse. Mayi aja akaphunzitsidwa bwino amathandiza kutembenuza amuna awo maola awiri aliwonse, kuwatsuka m'kamwa ndi kuwerenga makapu a madzi. Ayenera kuuzidwanso zosachita. Kumwetsa phala munthu amene wagona chagada kapena akuwodzera n'koopsa, chifukwa phalalo limalowera kumapapo. Kuchotsa timachubu ta okosijeni chifukwa cha mphekesera yakuti mpweyawo umamaliza odwala nakonso kwapweteketsa anthu. Mantha amenewo sathetsedwa ndi kukalipa. Namwino amangowaonetsa mayiwo nambala ikukwera kuchoka pa 86 kufika pa 93 mpweya utalumikizidwa.

Kuunikanso sikudikira tsiku lotuluka. Poyamba namwino amayeza pafupipafupi, ngakhale ola lililonse, kenaka maola anayi aliwonse wodwala akakhazikika, ndipo nthawi zonse amayerekeza ndi zolinga zija. Apa pali msampha woyenera kuudziwa. Kupuma kukatsika kuchoka pa 32 kufika pa 14 koma munthuyo akuwodzera, sakuyankha bwino, milomo yada, ndiye kuti sakuchira: minofu yopumira yatopa, ndipo dokotala aitanidwe pompopompo.

Kwa bambo athuwa, tinene kuti tsiku loyamba cholinga cha mpweya chatheka, makhololo ayamba kutuluka. Koma pa tsiku lachitatu thupi likadali pa 38.8, kupuma pa 28, ndipo namwino akamvetsera kumunsi kwa papo lakumanja sakumva mpweya ukulowa. Mankhwala oyenera amayamba kuonetsa mphamvu pa maola 48 mpaka 72, choncho amalemba mosabisa kuti cholinga chachiwiri sichinatheke, n'kudziwitsa dokotala. Zifukwa zodziwika ndi zochepa: madzi kapena mafinya aunjikana kunja kwa papo, kachilombo sikakumva mankhwalawo, kapena ndi chifuwa chachikulu. Ekisireyi ikuonetsa madzi. Atapopedwa, ndondomeko imalembedwanso: kuyang'anira pobayapo, zolinga zatsopano, nthawi yatsopano.

Kutuluka kumakonzedwa bambowo akatha tsiku lathunthu opanda okosijeni nambala ili pamwamba pa 90, thupi lazizira, akudya ndi kuyenda okha mpaka kubafa. Namwino amakhala nawo pansi pamodzi ndi mayi aja, n'kuwapempha kuti abwereze ndi pakamwa pawo kamwedwe ka mapiritsi otsalawo mpaka atathe. Amawauza kuti chifuwa ndi kufooka zingatenge masabata angapo, kuti khasu liyambe ladikira, ndi kuti apewe fodya komanso utsi wa m'khitchini. Koma kutentha thupi kukabwerera, kubanika kukayambiranso kapena magazi akaoneka m'makhololo, abwerere tsiku lomwelo osadikira deti lolembedwa m'buku lawo la kuchipatala.