Moni wa Chizulu: "sawubona" ndi kayankhidwe kake

Azulu, amene ambiri amakhala m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, alibe moni wosiyana wa m'mawa, masana ndi madzulo monga "mwadzuka bwanji" ndi "mwaswera bwanji" a m'Chichewa. Nthawi ina iliyonse, munthu mmodzi amapatsidwa moni woti "sawubona", ndipo anthu awiri kapena kuposa pamenepo amauzidwa kuti "sanibonani". Moni wa anthu ambiriwu umaperekedwanso kwa munthu wamkulu mmodzi pofuna kumulemekeza, monga momwe Mchewa amanenera "inu" kwa bambo ake.

Tsinde la mawuwa ndi "-bona", lomwe ndi limodzi ndi "-ona" wa m'Chichewa, poti zinenero ziwirizi n'zapachibale. Ambiri amamasulira "sawubona" kuti "ndakuona", koma kaphatikizo koyambirira kaja kakuimira "ife", choncho kumasulira kolondola ndi "takuona". Wopereka moni amalankhula ngati akuimira banja lake lonse, ngakhale ali yekha panjira.

Poyankha m'pamene alendo ambiri amaphonya. Yankho la "sawubona" ndi "yebo", kutanthauza "inde". Munthu akhoza kunena kuti "yebo, sawubona", kapena kuphatikiza dzina laulemu, monga "yebo, baba". Nkhani yafala yoti yankho lake ndi "ngikhona", ndiye kuti "ndilipo". Mawuwa ndi Chizulu chenicheni, koma malo ake ndi patsogolo pang'ono: amayankha funso loti "unjani?", lomwe ndi "uli bwanji?". Wothamangira kunena "ngikhona" atangomva "sawubona" amakhala wayankha funso lomwe sanafunsidwe, ndipo Mzulu amadziwiratu kuti ameneyu ndi mlendo.

Mwachitsanzo, mnyamata wochokera ku Mangochi amene akugwira ntchito ku Durban wakumana ndi mayi wachikulire woyandikana naye nyumba. Mnyamatayo amayamba ndi "sawubona, mama". Mayiyo amati "yebo, mntanami", kutanthauza "inde, mwana wanga". Kenaka mnyamatayo amafunsa kuti "ninjani?", ndiye kuti "muli bwanji?", funso lomwe limakhudza mayiyo pamodzi ndi a kunyumba kwawo. Iwo amayankha kuti "sikhona" kapena "siyaphila", kutanthauza "tilipo" kapena "tili moyo", n'kubweza funso kuti "wena unjani?". Iye amatsiriza ndi "nami ngiyaphila", ndiye kuti "inenso ndili bwino". Akatha zonsezi m'pamene anganene chimene wadzera, kaya ndi kubwereka fosholo kapena kufunsa njira ya kuchipatala. Kuyamba ndi pempho usanapereke moni kumaonedwa kuti ndi mwano, ngakhale m'sitolo kapena pokwera minibasi.

Moni wopanda dzina laulemu umamveka wouma. Mwamuna wa msinkhu wa bambo ako ndi "baba", mkazi ndi "mama", agogo aakazi ndi "gogo", aamuna ndi "mkhulu", ndipo anzako a msinkhu umodzi ndi "bhuti" kapena "sisi". Ulemu woposa pamenepa ndi kutchula munthu ndi dzina lotamanda mfunda wake, lomwe Azulu amati "isithakazelo". Wa kwa Khumalo amatchedwa Mntungwa, wa kwa Buthelezi ndi Shenge, wa kwa Zuma ndi Msholozi. Munthu amene wauzidwa kuti "sawubona, Mntungwa" amamva kuti wam'patsa moniyo akudziwa kwawo ndi makolo ake. Mfumu yaikulu ya Azulu yokha ndiyo imalonjeredwa ndi "Bayede", mawu amene Angoni a ku Malawi, omwe makolo awo anachokera kumwera komweko m'zaka za m'ma 1800, amanenabe kwa Inkosi ya Makosi.

Wofika pamudzi salowa mwakachetechete. Amaima pachipata n'kufuula kuti "sikhulekile ekhaya", omwe ndi odi wa kumeneko, ndipo amadikira mpaka eni nyumba amuvomere.

Potsanzikana pamafunika kudziwa amene akupita ndi amene akutsala. Wotsala amauza wopita kuti "hamba kahle", pita bwino, ndipo wopita amati "sala kahle", tsala bwino. Kwa anthu ambiri kapena kwa wamkulu amati "hambani kahle" ndi "salani kahle".

Katchulidwe ka mawu ambiriwa sikavuta kwa wolankhula Chichewa. "Kh" wa mu "ngikhona" amamveka ngati wa mu "khasu", ndipo "ph" wa mu "siyaphila" ndi yemwe uja wa mu "phiri", osati "f". Chovuta ndi "hl" wa mu "kahle", yemwe mulibe m'Chichewa. Potchula, nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano akumwamba ngati ukufuna kunena "l", kenaka mpweya umatulukira m'mbali mwa lilime, kukhosi kusakunjenjemera.